Wa malikisi 90 wataya bonasi, wa 100 ndi amene wasocheretsa ndalama za mlimi

Mayi Tembo: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndipo Lachisanu ndiyenera kukapereka lipoti kwa abwana. Ena mukudziwa kuti mwezi wathawu anandipatsa gulu la olemba 8 kuti ndiziliyang'anira. Ntchito yathu ndi kulowetsa m'kompyuta mafomu a alimi a soya a ku Katete ndi ku Sinda. Fomu imalembedwa pamanja komwe akugulira soyayo, amaijambula, chithunzi chimalowa pamzere, wolemba amachitenga, kulemba, kutumiza, china n'kubwera. Fomu iliyonse ili ndi mabokosi 15: dzina, nambala ya reji, nambala ya foni, mudzi, matumba, makilo ndi zina. Mlimi amalipidwa pafoni, pa nambala yomwe ife talemba.

Wolemba mmodzi amamaliza mafomu pafupifupi 600 pa sabata. Wowunika tili naye mmodzi, ndipo amatenga mafomu 20 a munthu aliyense pa sabata. Fomu ikakhala ndi cholakwa chilichonse, yagwa yonse. Ukatsika pa 95 peresenti, bonasi yapita.

Ndiye tamverani. Mtsikana wina wakhama sabata yatha anapeza 90. Mafomu awiri anagwa, onse chifukwa cha kalembedwe ka dzina la mudzi, chilembo chimodzi. Bonasi wataya, analira mu ofesi. Mnyamata wina wapeza 100 masabata atatu otsatizana. Dzulo eni ntchito atibwezera mafomu 4, onse ake, nambala za foni zolakwika. Atatu ndalama zinakana kupita, koma imodzi inapita kwa munthu wachilendo, K3,850 ya mayi wina amene wadikira milungu iwiri. Ndikauze chiyani abwana? Wowunikayo ndi waulesi, kapena kawunikidwe kathuka ndiko kolakwika?

A Zulu: Tadzuka amayi. Vuto likuonekeratu, 20 ndi yochepa. Pa 600, imeneyo ndi 3 peresenti chabe. Kulikonse komwe ndagwirako ntchito sampulo imakhala 10 peresenti. Kwezani ifike 60 pa munthu, nkhani yatha.

NaPhiri: Ife kwathu timamvera mafoni 5 pa munthu pa sabata basi, ndipo zimayenda. Chachikulu ndi moni woyamba ndi kutsimikiza kuti ukulankhula ndi mwini wake wa akaunti. Akaiwala kufunsa mafunso otsimikizira, foni yonseyo ndi ziro ngakhale atalankhula mokoma bwanji. Mwina ana anu sakuwafunsa bwino alimiwo nambala zawo?

Mayi Tembo: Ayi asisi, athuwa salankhula ndi mlimi. Amaona chithunzi cha pepala chokha.

NaPhiri: Oho, pepani, ndinawerenga mothamanga ndili mu basi ya ku Chilenje. Koma la ziro lija ligwireni, lingakuthandizeni.

A Mwale: Ligwirenidi, NaPhiri anena chinthu chenicheni, tibwererako. Ndiyambe ndi funso lanu amayi. Musathamangire kumutcha waulesi wowunika uja. Tiwerenge kaye chomwe 100 ya mnyamatayo ikutanthauza.

Masabata atatu analemba mafomu 1,800, ndipo owunikidwa ndi 60. Tinene kuti amalakwitsa nambala ya foni pa fomu imodzi mwa 100 alionse. Pa 1,800 ndiye kuti alimi 18 avutika. Koma mukatola 60 mwachisawawa, mwayi woti musapeze ngakhale imodzi yolakwika ndi pafupifupi 55 pa 100. Kuposa theka. Choncho wowunika akhoza kukhala wamaso akuthwa, woona mtima, n'kumupatsa 100 mnyamatayo, alimi 18 ali kulira kumudzi.

Pali kalamulo kosavuta kukumbukira. Ngati mwawunika mafomu angapo osapeza cholakwa, gawani 3 ndi chiwerengero cha mafomu mwawunikawo. Yankholo ndi pamene zolakwa zobisika zingafike. Pa 60, ndi 3 kugawa ndi 60, kutanthauza 5 peresenti. Ndiye 100 yakeyo sinanene kuti salakwa. Inangonena kuti mwina zolakwa zake sizipitirira 5 pa 100, ndipo 5 pa 100 ya 1,800 ndi mafomu 90. Kwa sabata imodzi yokha, pa mafomu 20, malirewo ndi 15 peresenti.

Mayi Tembo: Mayo ine. Ndiye takhala tikumuombera m'manja pa chinthu chomwe sitinachiyeze n'komwe.

A Mwale: Munachiyeza, koma ndi sikelo yoyezera matumba pamene mumafuna kuyeza mchere wa m'ndiwo. Ndipo sikelo yomweyo yamulakwira mtsikana uja. Pa mafomu 20, fomu imodzi ndi malikisi 5. Palibe 97, palibe 93. Ukalakwa kamodzi 95, ukalakwa kawiri 90. Munthu amene amagwiradi ntchito pa mlingo wa 95, woyenera bonasi yake, adzapezeka ndi zolakwa ziwiri kapena kuposa pafupifupi sabata imodzi pa masabata anayi alionse. Osati chifukwa wasintha kagwiridwe, koma chifukwa cha mafomu omwe dzanja la wowunika lagwerapo. Tandiuzani, masabata anayi apitawa mtsikanayo anagwetsa angati?

Mayi Tembo: Ndaona m'buku. Sabata yoyamba palibe, yachiwiri imodzi, yachitatu palibe, yachinayi ziwiri.

A Mwale: Atatu pa 80. Imeneyo ndi 96 peresenti ndi kakang'ono pamwamba. Wapambana. Bonasi muziiwerengera pa masabata anayi ophatikiza, osati sabata imodzi.

A Zulu: Ndiye mukugwirizana nane akulu, sampulo ikule. 10 peresenti.

A Mwale: Kukula ikule, pamenepo tili limodzi. Koma peresentiyo musaigwire ngati lamulo. Chomwe chimapatsa mphamvu sampulo ndi chiwerengero cha mafomu omwe maso aona, osati gawo lake pa mulu. Munthu watsopano amene walemba 100 pa sabata, 10 peresenti yake ndi mafomu 10, simuphunzirapo kanthu, pamene iyeyo ndi amene afunika kumuyang'anitsitsa. Ndipo 60 yanuyo a Zulu, taona kale kuti cholakwa cha 1 pa 100 chimaidumpha kuposa theka la nthawi.

Ine ndinayambira ku fakitale cha ku Chinika, kuwunika katundu asanakwere lole. Kumeneko timagwiritsa ntchito tebulo la ISO 2859-1. Mulu wa zinthu 501 mpaka 1,200, pa mlingo wamasiku onse, umatolamo 80. Mulu ukakula kufika 3,200, umatola 125 basi. Mwaona, mulu wakula pafupifupi katatu, sampulo sinakule katatu. Ndipo pa 80 omwewo timawerenga zolakwa m'magulu osiyana. Zazing'ono timalola mpaka 7, zazikulu mpaka 5, koma zoopsa, zoti zingavulaze munthu, timalola ziro. Imodzi yokha, mulu wonse ubwerere.

A Daka: Ine ndingolowererapo ngati wolemba, pakuti pano ambiri ndinu mabwana. Komwe ndinkagwira chaka chatha anandidula malikisi chifukwa ndinasiya mpata kawiri pakati pa dzina ndi dzina la bambo. Mpata! Mnzanga anachita zomwezo, wowunika wina sanamudule. Nditadandaula anandiuza kuti zomwe wanena wowunika ndi zomwezo. Ndinasiya ntchito mwezi wotsatira. Owunika ambiri amangofuna kupeza kenakake kuti aoneke kuti akugwira ntchito, ndipo chosavuta kuchiona ndi chilembo. Nambala khumi za foni ndani angaziwerenge imodziimodzi?

A Sakala: A Daka, mawu anu omalizawo ndi amene ndimafuna kunena. Amayi Tembo, wowunika wanu amawunika bwanji kwenikweni? Chithunzi kumanzere, zolembedwa kumanja, n'kumayang'ana uku ndi uku?

Mayi Tembo: Choncho kumene.

A Sakala: Ndiye ngakhale fomu yolakwikayo ikanagwera m'manja mwake, akanatha kuidutsitsa. Diso likaona kale nambala yotayipidwa bwinobwino, likapita pa zolemba pamanja limangoona zomwe lauzidwa. Pomwe pali 7 wopanda kamzere kapakati ndipo wolemba waika 1, wowunika nayenso aona 1. Dzina la mudzi lolakwika limalumphira m'maso lokha chifukwa ndi mawu omwe ukuwadziwa. Nambala ilibe tanthauzo, yolakwika ndi yolondola zimaoneka chimodzimodzi. N'chifukwa chake kawunikidwe kanu kakugwira mtsikana wa zilembo n'kumusiya mnyamata wa manambala.

Pa mabokosi a ndalama, wowunika asaone zomwe wolemba analemba. Bisani kolamu imeneyo. Iye aone chithunzi chokha, alembe yekha nambalayo mu kolamu ina, kenako kompyuta ifananize:

```
=EXACT(C2,H2)
```

Pomwe patuluka FALSE, mutsegule chithunzi muone kuti walakwa ndani, chifukwa nthawi zina wolakwa amakhala wowunikayo. Kolamu ya mafoni muiike pa Text musanayambe, apo ayi Excel imadya ziro woyambirira, ndipo mudzaona FALSE paliponse.

A Zulu: Koma zophweka n'kungosintha kawerengedwe. Mafomu 20 a mabokosi 15 ndi mabokosi 300. Mtsikana walakwa mabokosi awiri pa 300, imeneyo ndi 99.3 peresenti. Wapambana popanda mkangano. Kapena perekani mapointi: nambala ya foni 10, dzina la mudzi 1, muphatikize.

A Mwale: Kuwerenga mabokosi kumamupulumutsa mtsikanayo, zoona. Koma kumamubisanso mnyamatayo. Akalakwitsa mafoni awiri pa mafomu 20, nayenso apeza 99.3, pamene alimi awiri pa 20 sanalipidwe. Mlimi salipidwa 99 peresenti. Amalandira kapena salandira.

Za mapointi zili bwinoko, koma ine sindizikonda, chifukwa zikangolowa mu nambala imodzi, zabwino zambiri zimakwirira choipa chimodzi. Ndiye apa ndi pomwe ziro wa NaPhiri akulowera. Khalani ndi mabuku awiri osaphatikizana. Buku loyamba ndi la zolakwa zoopsa, ndipo pamenepo simuwerenga peresenti, mumawerenga kuti zapezeka zingati. Buku lachiwiri ndi la zazing'ono, werengani mabokosi monga akunenera a Zulu, pa masabata anayi.

Kuti mudziwe choopsa ndi chiti, musayang'ane kukula kwa cholakwacho papepala. Dzifunseni kuti chikatuluka mu ofesi muno chikachita chiyani, ndani angachione, ndipo chingabwezedwe kodi. Mudzi wolembedwa molakwika chilembo chimodzi, aliyense auzindikira, palibe wataya kanthu. Bokosi la foni losiyidwa lopanda kanthu likuoneka ngati cholakwa chachikulu, koma makina olipira akana, wina aona, aimbira kumunda, mlimi achedwa masiku angapo n'kulandira. Choopsa kwambiri ndi nambala yooneka bwino, ya manambala khumi, yoyamba ndi 097 kapena 096 monga zinzake, koma ya munthu wina. Imeneyo palibe aiona mpaka mlimi atafika yekha kudzafunsa. Mwa mafomu 4 aja, atatu munapulumuka mwamwayi chabe.

Mayi Tembo: Ndiye zoopsa ndilembe foni, reji, makilo. Nanga dzina la mlimi?

A Daka: Dzina ndi laling'ono. Mvula kapena Mvura, munthu ndi yemweyo. Musayambenso kudula ana pa zilembo.

A Sakala: Osati nthawi zonse achimwene. Ngati eni ntchito amafananiza dzina lathu ndi dzina lomwe lili pa foni kapena pa reji asanalipire, chilembo chimodzi chikhoza kuimitsa malipiro. Ndipo kumudzi kumodzi a Banda otchedwa dzina limodzi amakhalapo atatu.

A Mwale: Zimenezo afunseni eni ntchito, amayi, musaganize nokha. Afunseni kuti bokosi lililonse amaligwiritsa ntchito yanji. Mudzapeza mabokosi ena omwe mumadulira anthu malikisi koma palibe amawawerenga. Ine dzina ndikanaliika pakati: dzina la munthu wina ndi loopsa, chilembo cholakwika pa dzina lomwe likuzindikirika ndi lapakati.

A Daka: Ine sindikuvomerezabe. Pepala lenilenilo nthawi zambiri limakhala lolembedwa molakwika ndi kalaliki wa kumunda. Ndikakonza, mundidula kuti sindinatsate pepala. Ndikasiya, mundidula kuti dzina lalakwika.

A Mwale: Pamenepo muli ndi mfundo, ndipo ndi yomweyo ya mpata wanu uja. Lamulo lilembedwe, limodzi: wolemba atsate pepala monga liliri, akakayika aike chizindikiro. Ndipo kamodzi pa mwezi, amayi, tengani mafomu 10, inu muwunike panokha, wowunika awunike payekha, osaonetsana, kenako mufananize. Pomwe mwasiyana ndi pomwe lamulo lanu lili ndi bowo. Wolemba akhalenso ndi masiku awiri oti atsutse, chithunzi chili patsogolo. Koma zoti chilembo cha dzina chigwere buku liti, tisiyane choncho, zidalira yankho la eni ntchito.

A Sakala: Ndisanaiwale. Zina musadikire sampulo, kompyuta ikhoza kusesa mafomu onse 4,800 a sabata m'mphindi zochepa. Foni yosakwana manambala khumi, foni yomwe yabwera kawiri, ndi makilo osagwirizana ndi matumba:

```
=LEN(C2)<>10
=COUNTIF(C:C,C2)>1
=ABS(F2/E2-50)>5
```

Yachitatuyo ikutenga kuti matumba ali mu kolamu E, makilo mu F, ndipo thumba limakhala la makilo 50. Matumba 7 akhale pafupi ndi makilo 350. Wina akalemba 850 m'malo mwa 350, ituluka TRUE. Padzatuluka ena osalakwa, monga mlimi wobwera ndi thumba losadzaza, kapena mayi ndi mwana wake ogwiritsa ntchito foni imodzi, koma ndi ochepa oti mungawatsegule onse. Chomwe izi sizigwira ndi 7 wosanduka 1 pakati pa nambala ya foni. Makilo ali ndi mboni yake, matumba. Foni ilibe mboni.

Mayi Tembo: Zikomo nonse. Funso lina: mafomu 20 aja amatoledwa bwanji kwa inu? Ine sindinamufunsepo wowunika wathu. Ndimufunsa masana ano, ndibweranso.

A Mwale: Funsani zimenezo, ndipo mutulutsenso nthawi yomwe mafomu 4 aja anatumizidwa. Muonenso kuti mnyamatayo anaika chizindikiro cha zosawerengeka kangati poyerekeza ndi anzake.

Mayi Tembo: Ndabwerako, ndipo mtima wanga suli m'malo. Wowunika wandiuza mosabisa kuti amatsegula ndandanda ya munthu n'kutenga 20 oyamba pamwamba. Anamuphunzitsa choncho amene analipo kale. Ndandandayo imayamba ndi akale, ndiye 20 oyambawo ndi a Lolemba m'mawa, sabata iliyonse. Ana onse akudziwa zimenezi. Mmodzi wandiuza kuti Lolemba mpaka 10:00 aliyense amalemba ngati ali pa mayeso.

Mafomu 4 aja onse anatumizidwa itadutsa 15:00, awiri Lachinayi, awiri Lachisanu. Ndatsegula zithunzi zake. Imodzi anasinthanitsa manambala awiri oyandikana, 58 analemba 85, pepala likuoneka bwino. Zitatu zinazo pepala ndi loipa. Imodzi inanyowa, inki inafalikira pa manambala awiri omaliza. Ina pali nambala yomwe ndayang'ana mpaka kukulitsa chithunzi, sindikudziwabe ngati ndi 4 kapena 9. Ya mayi wa K3,850 ija ndi imeneyo. Iye anaika 9.

Ndipo a Mwale, pa mafomu 1,800 mnyamatayo sanaike chizindikiro cha zosawerengeka ngakhale kamodzi. Anzake amaika pafupifupi kamodzi pa mafomu 30. Mtsikana uja ndiye amaika kwambiri kuposa onse.

A Zulu: Ameneyo achotsedwe. Akulosera manambala a ndalama za anthu.

A Daka: Musanamuchotse, afunseni amayi Tembo kuti fomu yoikidwa chizindikiro imawerengedwa pa 600 paja kapena ayi.

Mayi Tembo: Siwerengedwa. Imabwerera kumunda, wolemba sapeza kanthu.

A Daka: Basi. Mwatsegula fomu, mwalemba mabokosi 14, la 15 silikuwerengeka. Mukanena zoona, ntchito yonseyo yapita pachabe ndipo chiwerengero cha tsiku sichikwana. Mukalosera, fomu yawerengedwa, ndipo mukudziwa kuti Lachinayi masana palibe adzaiona. Nthawi ndi 15:30, mwatsala ndi mafomu 30, mukuganiza za mzere wa basi ya ku Matero. Sindikunena kuti anachita bwino. Koma ofesi yanu imalipira wolosera n'kulanga wonena zoona.

A Mwale: A Daka anena zomwe ine sindikanatha kuzinena bwino choncho. Kulosera pa bokosi la ndalama kukhale cholakwa choposa zonse m'buku lanu, choposa kusinthanitsa manambala, chifukwa chala chimaterereka kwa aliyense koma kulosera munthu amachita akudziwa. Komabe simungaletse kulosera musanakonze malipiro. Fomu yoikidwa chizindikiro moyenera iwerengedwe ngati yomalizidwa. Ndipo zoikidwa chizindikirozo muziwunikakonso zingapo, kuti wina asamathawireko mafomu ovuta omwe akuwerengeka ndithu.

Za katoledwe, a Sakala akuuzani. Wowunika asasankhe ndi dzanja, ndipo olemba asadziwe tsiku.

A Sakala: Tulutsani ndandanda ya sabata yonse ya munthu mmodzi. Mu kolamu yopanda kanthu lembani izi n'kukokera pansi mpaka kumapeto:

```
=RAND()
```

Kenako koperani kolamuyo n'kuimata pomwepo ndi Paste Special, Values, chifukwa mukapanda kutero manambalawo amasintha nthawi iliyonse mukakhudza tsambalo, ndipo simudzatha kuonetsa wina kuti munatola bwanji. Sanjani ndandanda ndi kolamu imeneyo, tengani oyamba pamwamba. Sungani fayiloyo. Muzitola ndinu, wowunika azingolandira manambala a mafomu.

Mayi Tembo: Nthawi ndiye vuto. Fomu yathunthu imamutengera mphindi zitatu. Mafomu 160 pa sabata ndi maola 8, ndipo ali ndi ntchito zinanso. Nditati 80 pa munthu, ndi maola 32.

A Mwale: Musawunike mabokosi onse 15 pa 80 amenewo. Athunthu akhalebe 20, otoledwa mwachisawawa, a buku la zazing'ono. Pa 80, alembe mabokosi atatu okha osaona za wolemba: foni, reji, makilo. Tinene masekondi 20 pa fomu. Anthu 8 kuchulukitsa ndi 80 ndi mafomu 640, maola atatu ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Munthu wolakwitsa 1 pa 100 akhoza kudumphabe sabata imodzi, mwayi wake ndi pafupifupi 45 pa 100, koma pa masabata atatu, mafomu 240, amagwidwa kasanu ndi kanayi pa khumi. Choopsa chikapezeka chimodzi, mafomu onse a munthuyo a sabata imeneyo abwerezedwe pa mabokosi atatuwo asanapite kolipira. Ku fakitale, milu iwiri ikakanidwa pa milu isanu yotsatizana, timakhwimitsa kawunikidwe, ndipo timabwerera pa zamasiku onse pokhapokha milu isanu yotsatizana itadutsa. Mukhoza kubwereka zomwezo.

Koma ndinene chimodzi momveka, kuti musakalonjeze abwana zomwe sizingatheke. Sampulo imakuuzani kuti ndani akulakwa ndiponso mochuluka bwanji. Sichotsa zolakwa m'mafomu 520 omwe simunatsegule. Ngati eni ntchito akufuna kuti pasapezeke mlimi wina wotaya ndalama, nambala iliyonse ya foni ilembedwe kawiri ndi anthu awiri osaonerana.

A Zulu: Mafomu 4,800 pa masekondi 20 ndi maola pafupifupi 27 pa sabata. Ameneyo ndi munthu wina wolembedwa ntchito. Abwana sangavomere, ntchito izi amalipira pa fomu.

A Sakala: Foni yokha, osati mabokosi atatu, zitsika kwambiri. Ndipo olemba omwewo akhoza kusinthana ola lomaliza.

A Daka: Ola lomaliza lomwelo lomwe anthu atopa? Ndipo olawo alipidwa ndi ndani?

NaPhiri: Bwanji eni ntchito asamaone dzina lomwe limatuluka pa nambala asanatumize ndalama? Ine ndikamatumiza kwa amayi ku Petauke dzina limayamba laoneka.

Mayi Tembo: Ndinawafunsapo asisi. Akuti alimi ambiri amapereka nambala ya mwamuna, ya mwana kapena ya mnansi, ndiye mayina osagwirizana ndi ochuluka kwambiri, anasiya kuwayang'ana. Ndiwafunsanso ngati angatipatse ndandanda ya alimi omwe analipidwa bwino chaka chatha, kuti reji ikafanana tifananize foni. Sindikuyembekeza yankho lisanafike Lachisanu.

Madzulo ano tatsala awiri ndi wowunika, tatola 80 mwa mafomu a mnyamatayo a sabata yatha monga anenera a Sakala. FALSE yatuluka kasanu. Ziwiri analakwa ndi wowunika, zitatu ndi mnyamatayo, zonse mafoni, ziwiri mwa izo pepala losawerengeka. Mafomu a sabata yatha sanalipidwebe, ndiye ndaimbira eni ntchito kuti aimitse ake onse 600, mawa tiwabwereza. Mnyamatayo ndalankhula naye, sanakane. Akuti ankaona ngati akalakwitsa makina akana okha. Nditamuonetsa chithunzi cha fomu ya mayi uja anakhala chete nthawi yaitali.

Mu lipoti ndilemba zoti bonasi ya mtsikana ibwezedwe, mabuku akhale awiri, katoledwe kasinthe, ndipo fomu ya chizindikiro iziwerengedwa. Za kulemba kawiri ndiika ndi maola ake, asankhe okha. A Mwale, masabata awiri oyamba aja, mafomu 1,200 omwe analipidwa kale, ndiwabwereze onse kapena ndidikire odandaula?

A Mwale: Musadikire. Wodandaula ndi amene ali ndi ndalama ya thiransipoti ndipo akudziwa kokadandaula. Bwerezani foni yokha, yambani ndi otumizidwa itadutsa 14:00, ndipo eni ntchito akupatseni ndandanda ya malipiro omwe anakana kuti muyambe mwachotsa amenewo. Mutolenso 80 kwa aliyense wa anzake 7 aja sabata ino, chifukwa nawonso akhala akuwunikidwa Lolemba m'mawa mokha.